PEPANI KASANU NDI KAWIRI

Madzulo ena mnzathu wina adatipeza pakhonde, akuyenda ndi ndodo, mwendo uli m'chikhakha. Mkulu wake adaamwalira kumudzi iye ali gone m'chipatala, ndipo pamene ankatuluka n'kuti maliro ataikidwa kale, anthu atabalalika pasiwa. Adaayesa kulankhula ndi mlamu wake pa lamya, koma maiyo adangoyankha moni n'kuyamba kulira, lamya n'kupatsira mwana. Tsono mnzathuyo adaganiza zolemba kalata yoti ipite pamodzi ndi chipepeso kudzera mwa msuweni wake amene ankakwera basi m'mawa mwake. Adatipatsa pepalalo nati: "Taonani, ndalemba zimene zili mumtima mwanga, koma ndikawerenga zikundimvekera ngati mphale yopanda mchere. Chalakwika n'chiyani?"

Adatilola kuti tiionetse kalatayo pano, maina titachotsa. Idali yotere:

"Okondeka Alamu,
Pepani kwambiri, ndamva kuti achimwene amwalira. Pepani chifukwa sindinabwere pamene anamwalira, ndinali m'chipatala. Pepani kuti kalata ino yachedwa. Pamene ndinamva kuti amwalira ndinadandaula kwambiri. Sindinkadziwa kuti angamwalire msanga chonchi. Pepani alamu, pepani ndithu. Muwauze ana kuti pepani poti bambo awo amwalira. Ndatumiza kandalama, pepani kuti n'kochepa. Musalire, tonse tidzamwalira.
Ndine mlamu wanu."

Tisanaidzudzule, tiyenera kunena kuti kalata imeneyi ilibe bodza ngakhale limodzi, ndipo munthu amene adailemba adalidi ndi chisoni. Ambiri a ife tidalembapo yonga yomweyi, kapena tidailandirapo. Komabe tikawerenga tipeza kuti m'ziganizo zisanu ndi zinai zokha muli "pepani" kasanu ndi kawiri, ndipo liu la "kumwalira" labwera kasanu ndi kamodzi. Mnzathuyo ankaganiza kuti mankhwala ake n'kupeza mau ena ofanana nawo oti awasinthanitse. Ife tiona kuti vuto lake silili pomwepo. Kubwerezaku ndi chizindikiro chakuti m'kalatamo muli malo opanda kanthu, ndipo wolemba adatseka malowo ndi mau awiri amene adali nawo pafupi.

Tiyambe ndi "pepani". Pasiwa liu limeneli silitopetsa, ngakhale limveke kambirimbiri pa tsiku limodzi. Munthu aliyense wodzakhuza maliro amalinena kamodzi kapena kawiri, motsitsa mau, atagwada kapena atanjuta, dzanja lili m'dzanja la namfedwa. Akatero amakhala pansi n'kukhala chete, ndipo kukhala pansiko ndiko kumanena zotsala zonse. Anthu amagona pamaliro, amai m'nyumba, abambo panja pa moto, osati chifukwa choti ali ndi zambiri zonena, koma kuti wofedwa asakhale yekha. N'chifukwa chake akulu adati maliro n'kulirana. Koma pepala silinjuta, siligwira dzanja, ndipo siligona pasiwa. Wolemba kalata amamva kuti "pepani" mmodzi wachepa, poti thupi lake palibe, tsono amaonjezera wachiwiri ndi wachitatu, kuyesa kulipira ndi kuchuluka kwa mau zimene akadapereka ndi kukhalapo kwake. Zotsatira zake zimakhala zosiyana ndi zimene amafuna. Pofika pa wachisanu, woŵerenga sakumvanso chisoni. Akungomva liu likugogoda.

Palinso chinthu china chimene ambiri sitichizindikira. M'chinenero chathu "pepani" ali ndi ntchito ziwiri. Timanena "pepani" kwa munthu amene wagwa m'mavuto ife osalakwa kanthu, monga amene wapunthwa pa mwala kapena wafedwa. Timanenanso "pepani" pamene talakwa ndife, monga tikamponda mnzathu phazi. Woyambayo amatanthauza kuti ndamva ululu wanu. Wachiwiriyo amatanthauza kuti mundikhululukire. Tikabwerera ku kalata ija tipeza kuti mwa asanu ndi awiri aja, anai okha ndiwo achifundo. Atatu enawo ndi opepesa zolakwa za wolemba: sadabwere, kalata yachedwa, ndalama yachepa. Popeza liu lake ndi limodzi, ziwirizi zasakanikirana, ndipo imfa ya mwamuna wa munthu yaikidwa pa muyeso umodzi ndi kuchedwa kwa kalata.

Taganizani za mai uja atakhala pamphasa, mwana wake akumuwerengera. Katatu konse kalatayo ikumpempha kuti akhululuke. Ulemu wathu umafuna kuti munthu akapepesedwa ayankhe kuti palibe kanthu, musadandaule. Choncho mai wofedwa, amene amayenera kutonthozedwa, wapatsidwa ntchito yotonthoza mlamu wake. Katundu amene wolemba amafuna kumtula wamsenzetsa wina pamwamba. Ichi ndicho cholakwa chachikulu cha kalatayi, ndipo sichingachoke posintha liu lokha. Tidamuuza mnzathuyo kuti atenge pensulo, alembe mzere kunsi kwa "pepani" aliyense, ndipo pa aliyense adzifunse kuti: apa ndikunena za ululu wa alamu, kapena za manyazi anga? Onse onena za manyazi ake awasonkhanitse pamodzi, akhale chiganizo chimodzi chachifupi, ndipo chiganizocho chigwiritse liu lake lenileni, loti "mundikhululukire". Za kuchepa kwa ndalama asatchule n'komwe, pakuti chipepeso sachiyesa ndi kukula kwa imfa, ndipo palibe ndalama imene ikadakwana.

Tsopano tibwere ku liu lachiwiri lija. "Kumwalira" si liu loipa. Ndilo liu laulemu limene timagwiritsa ntchito ponena za munthu, m'malo mwa "kufa", limene tikalinena za mbale wa munthu pamaso pake limamveka louma, poti ndi lomwenso timanenera nkhuku ndi mbuzi. Vuto lake m'kalatayi ndi lakuti "amwalira" ndi liu lolengeza. Ndi liu la mthenga amene watumidwa kwa amfumu, ndi la chidziwitso cha pa wailesi. Limauza munthu amene sadamve. Nanga mai amene adakhazika matendawo, amene adaona mpweya wotsiriza, ndi wofunika kumuuza kasanu kuti mwamuna wake wamwalira? Nthawi iliyonse liulo likamveka, limambwezera pa ora lomwe lija. Kalata yopepesa maliro siyenera kuzemba imfa, koma siyeneranso kuilengeza kwa mwini wake ngati nkhani yatsopano.

Mnzathuyo atamva izi adatenga pepala lina n'kuyesa njira imene adabwera nayo m'maganizo, yosinthanitsa mau. Adalemba kuti wamva zoti achimwene atsikira kulichete, kuti sadabwere pamene anatsirizika, kuti adadandaula atamva zoti akusiyani, ndi kuti ana auzidwe pepani poti bambo awo agona. Ataiwerenga mokweza adaseka yekha mwamanyazi, chifukwa kalatayo idafika poipa kuposa yoyamba. Kubwereza kudatha, koma tsopano idamveka ngati ya mwana wa sukulu amene akuonetsa aphunzitsi kuchuluka kwa mau amene akudziwa. Imfa idatchulidwabe pa mzere uliwonse, kungoti idavala malaya osiyanasiyana. Ndipo ena mwa malayawo sadali oyenera nyumba imeneyo.

Apa mpamene tiyenera kufatsa, chifukwa mau athu onena za imfa sali ngati makobiri ofanana oti tingasinthanitse mwachisawawa. Liu lililonse limaima pa malo ake ndipo limayang'ana imfa kuchokera mbali yake. Tione anai okha amene mnzathuyo adatola.

"Atsikira kulichete" ndi mau olemera, okoma pakamwa pa munthu wolankhula kumanda kapena wolemba mbiri ya malemu. Koma chithunzi chake ndi cha dzenje ndi dothi. Amaonetsa munthu akutsika, ndipo amatsiriza ndi chete. Kwa mai amene nyumba yake yangokhala zii madzulo, pa nthawi imene mwamuna wake ankabwera kuchokera kudimba, chete ameneyo ndiye chilonda chenicheni. Mau amenewa ndi a pabwalo. M'kalata ya pachibale amaika mtunda pakati pa wolemba ndi wowerenga.

"Anatsirizika" amanena za mphindi yeniyeni ya imfa, ya kupuma komaliza. Ndi mau a anthu amene adali pambali pa wodwala. Munthu amene kudalibe akawagwiritsa ntchito, amamkumbutsa namfedwa zimene maso ake adaona, iye wolembayo sadazione. Ngati mwini wake afuna kufotokoza za ora limenelo, adzafotokoza yekha pa nthawi yake.

"Agona" ndi mau ofatsa, ndipo kwa ife okhulupirira kuuka kwa akufa ali ndi maziko ake. Komabe ali ndi ngozi yosokoneza, makamaka kwa ana. Mwana wa zaka zinai akauzidwa kuti bambo agona, amadikira kuti adzuke, ndipo wina amayamba kuopa tulo. Ngakhale akulu amasokonezeka. Mu Mthenga Wabwino wa Yohane, mutu 11, Ambuye Yesu adayamba ndi kuuza ophunzira ao kuti Lazaro wagona. Ophunzirawo adayesa kuti akunena tulo wamba, naganiza kuti wodwalayo achira. Pamenepo Ambuye adawauza mosabisa kuti Lazaro wamwalira. Tiphunzirapo kuti liu lofatsa lili ndi malo ake, koma liu loona liyenera kumveka kamodzi momveka bwino, kuti lofatsalo lisasanduke chinyengo.

Choopsa kuposa onse chidali "akusiyani". Kusiyana kwake ndi "atisiya" n'kwa timaphatikizo tochepa chabe, koma tanthauzo lake n'lotalikirana ngati kum'mawa ndi kumadzulo. Tikati "atisiya", wolemba walowa m'gulu la osiyidwa, wakhala pamphasa pamodzi ndi namfedwa. Tikati "akusiyani", wolemba waima panja n'kuloza namfedwa chala kuti wosiyidwa ndinu. Kuonjezera apo, kuuza mai wokwatiwa kuti amuna anu akusiyani ndi mau omwe timanena ukwati ukatha, mwamuna akapita kwa mkazi wina. Palibe amene angafune kuti mau otere amveke pa nyumba ya mai wamasiye, ana ndi akuchikazi akumvera. Kunena zoona, "atisiya" ndilo liu limene limagwira pa pepala ntchito imene kunjuta ndi kugwirana dzanja kumagwira pasiwa, ndipo mwa mau onse ofatsa ndilo loyenera kalata ya mbale.

Pali mau enanso abwino, monga "atsogola", amene amavomereza kuti njirayo ndi ya tonse popanda kulalikira, ndi "Ambuye awaitana", amene amakhala bwino ponena za nkhalamba imene yatsiriza ulendo wake m'chikhulupiriro. Koma ngakhale amenewa afunika kuyeza. Kwa makolo amene mwana wao wagundidwa ndi galimoto pobwera ku sukulu, kunena kuti Ambuye amuitana kungamveke ngati tikuti Mulungu ndiye adatumiza galimotoyo. Liu lofewa m'nyumba ina limatha kukhala minga m'nyumba ina, ndipo woyeza ndi amene akudziwa nyumbayo.

Titafika apa tidamfunsa mnzathuyo funso limodzi: kodi m'kalata yanuyi achimwene anu ali pati? Adayang'ana pepala lija nthawi yaitali. Mkulu wake adatchulidwa ngati munthu womwalira basi. Palibe chimene adachita, palibe chimene adanena, palibe chimene ankakonda. Kalatayo ikadatha kutumizidwa ku nyumba ina iliyonse ya maliro m'dziko muno popanda kusintha liu, ndipo ikadakwanira chimodzimodzi. Amenewa ndiwo malo opanda kanthu tidanena aja. Munthu akasowa chonena za moyo wa malemu, amangozungulira pa imfa yake, ndipo pa imfa pali mau awiri okha, akuti wamwalira ndi akuti pepani.

Tidamfunsanso kuti atiuze chinthu chimodzi chimene sadzaiwala za mkulu wakeyo. Adayamba pang'onopang'ono, kenaka mau adabwera okha. Adati chaka chimene adasankhidwa kupita ku sekondale, makolo ao adalibe ndalama, ndipo mkulu wakeyo, amene n'kuti atangokwatira kumene, adagulitsa mbuzi ziwiri, namperekeza pa njinga mpaka pokwerera basi, sutikesi ili pa kaliyala, iwo awiri akuyenda pansi. Adatinso mbuzizo zidali za banja latsopanolo, kotero kuti mlamu wakeyo adavomera kuti zigulitsidwe, ndipo iye sadamthokozepo chiyambire. Pamene ankanena izi misozi idali m'maso, chinthu chimene sichidachitike pamene ankawerenga "pepani" asanu ndi awiri aja. Tidamuuza kuti kalata yake ndi imeneyo, angoilemba.

Chidatsala ndi chiganizo chomaliza, choti "Musalire, tonse tidzamwalira." Mau amenewa timawamva kawirikawiri, ndipo onena amafuna zabwino. Koma "musalire" ndi lamulo, ndipo ndi lamulo limene wofedwa sangathe kulisunga. Pa mutu womwe uja wa Yohane timamva kuti Ambuye Yesu adalira misozi poona Maria ndi anzake akulira, ngakhale ankadziwa kuti amuukitsa Lazaro. Ngati iwo sadaletse misozi yao, ife ndife yani kuti tiletse ya mai wamasiye? Zoti tonse tidzamwalira n'zoona, koma ndi chiphunzitso, ndipo mai amene waika mwamuna wake masabata awiri apitawo sakusowa kuphunzitsidwa kuti imfa ilipo. M'buku la Yobu, abwenzi ake atatu adachita bwino pamene adakhala naye pansi masiku asanu ndi awiri, usana ndi usiku, osanena kanthu. Adayamba kumpweteka pamene adatsekula pakamwa kuti amfotokozere chifukwa cha mavuto ake. Kalata singakhale chete monga iwo adakhalira poyamba, koma ingathe kupewa kufotokoza. M'malo mwa chiphunzitso, mathero a kalata ayenera kunena chimene wolemba achite, ndi nthawi yake.

Mnzathuyo adakhala pa tebulo pathu mpaka mdima, ndipo kalata imene idakwera basi m'mawa mwake idali iyi:

"Okondeka Alamu,
Uthenga wa imfa ya achimwene unandipeza ndili m'chipatala, ndipo mpaka lero mtima wanga sunakhazikike. Pepani, alamu. Mundikhululukire kuti sindinathe kudzakhala nanu pa masiku ovutawo.
Usiku ndikagona ndimakumbukira chaka chimene ndinapita ku sekondale. Achimwene anagulitsa mbuzi ziwiri kuti ndilipire sukulu, nandiperekeza mpaka pokwerera basi, sutikesi yanga ili pa njinga yao. Mbuzi zimenezo zinali zanu nonse awiri, ndipo inu munavomera. Sindinakuthokozenipo. Ndikuthokozani lero. Ntchito imene ndikugwira inachokera m'khola lanu.
Ndamvanso kwa asuweni m'mene munawasamalira pa matenda ao, usana ndi usiku. Ife abale ao sitidzaiwala.
Anawo muwauze kuti bambo ao aang'ono akuwakumbukira. Atisiya tonse, iwo ndi ine, pakuti kwa ine analinso ngati bambo. Fizi ya mwana wamkuluyo ya teremu ikudzayi ndilipira ine, musaiganizire. Chikhakha akandichotsa kumapeto kwa mwezi uno ndibwera, ndidzaone pamene anagona, ndipo tidzakhale pansi pamodzi. Ndapempha Misa ya mzimu wao kuno Lamulungu likudzali.
Landirani chipepeso chimene ndapatsira asuweni. Pepani, alamu, inu ndi ana.
Ndine mlamu wanu."

Tiyeni tione chimene chasintha. "Pepani" watsala kawiri, poyamba ndi potsiriza, monga momwe munthu amanenera pofika pasiwa ndi potsazika, ndipo onse awiri ndi achifundo. Popeza ali okha, amveka. Kupepesa zolakwa kwakhala chiganizo chimodzi, ndipo chifukwa chake chanenedwa kale m'mau oyamba, kotero kuti maiyo sakufunika kuyankha kanthu. Imfa yatchulidwa ndi dzina lake kamodzi, pa mzere woyamba, mosabisa. Pambuyo pake yakhudzidwa kawiri mofatsa, ndi "atisiya" ndi "pamene anagona". Taonani kuti kugona kumene tidakukana poyamba kwaloledwa pano, chifukwa imfa yanenedwa kale momveka, ndipo mauwo akunena za manda, osati kuuza ana za bambo ao. Liu silikhala labwino kapena loipa palokha. Limayenera malo ake.

Taonaninso kuti mnzathuyo sadalembe "malemu". Liu limeneli ndi laulemu ndipo pa msonkhano wa banja kapena polankhula kumanda ndi loyenera. Koma m'masabata oyamba, m'kamwa mwa mng'ono wake, likadamveka ngati wafulumira kumchotsa mkulu wake pa mndandanda wa amoyo. Adapitiriza kunena "achimwene", monga ankaitanira masiku onse, ndipo potero adaonetsa kuti chibale n'fupa, sichiola. Pakati pa kalatayo, pamene poyamba padali kubwereza, tsopano pali mbuzi ziwiri, njinga ndi sutikesi. Zinthu zimenezi n'zazing'ono, koma ndi za munthu mmodzi yekha pa dziko lonse. Kalata yachiwiriyi singatumizidwe ku nyumba ina. Ndiponso yampatsa maiyo chinthu chimene anthu onse odzakhuza maliro sakadampatsa, ndicho kudziwa kuti ntchito yabwino imene iye ndi mwamuna wake adachita ali achinyamata ikukumbukika.

Tisabise kuti njira imeneyi ili ndi malire ake. Nthawi zina timayenera kulembera mnzathu wa kuntchito kapena wa ku mphakati amene wafedwa mbale amene ife sitidamuonepo. Pamenepo tilibe mbuzi kapena njinga yoti tikumbuke, ndipo kupeka zoyamikira munthu wosamdziwa ndi bodza limene namfedwa amalizindikira msanga. Chabwino n'kulemba mwachidule, ziganizo zitatu kapena zinai, kunena zimene taona mwa wofedwayo mwini, monga m'mene ankathamangira kuchipatala akaweruka, n'kutchula chithandizo chimene tingathe. Kalata yaifupi siichititsa manyazi. Imene imalemetsa ndi yaifupi imene yatalikitsidwa ndi kubwereza. Malire ena ndi a malonjezo. Mnzathuyo adalonjeza fizi ya teremu imodzi, osati ya sukulu yonse, chifukwa ndiyo adali wotsimikiza kuti akwanitsa. Mau akuti "chilichonse mungafune mundiuze" amamveka okoma, koma amasiyira wofedwa ntchito yopempha, ndipo ambiri sapempha. Lonjezo limene lalembedwa pa pepala limasungidwa, ndipo likapanda kukwaniritsidwa limasanduka chilonda chachiwiri. Za Misa nazonso n'zoyenera pamene onse awiri ali a chikhulupiriro chimodzi. Polembera mnansi wa mpingo wina kapena Msilamu, n'kokwanira kunena kuti tikumkumbukira m'mapemphero.

Wina angafunse kuti, kodi kusinkhasinkha mau chonchi si kuchenjera kumene kumaziziritsa mtima? Kodi chisoni chenicheni sichilankhula m'mene chafunira? Funsoli n'lomveka, ndipo tivomereza kuti kalata yoyamba ija, ngakhale idali yotero, ikadaposa kukhala chete osalemba konse. Maiyo akadailandira, akadazindikira mtima wa mlamu wake. Koma tikumbuke kuti kalata ya maliro siwerengedwa kamodzi. Kumudzi imawerengedwa mokweza, akulu a banja akumva. Kenaka imapindidwa n'kuikidwa m'buku la mapemphero kapena pansi pa sutikesi, ndipo imatulutsidwanso miyezi itapita, pamene odzakhuza onse abwerera kwao, pamene mvula yagwa ndipo munda ukusowa wolima. Mau olankhulidwa pasiwa amapita ndi mphepo, zabwino ndi zolakwika zomwe. Olembedwa amakhala. Ndiye chifukwa chake ayenera kuyezedwa, monga momwe mai amayezera kutentha kwa phala asanampatse wodwala. Kuyezako sikuchepetsa chikondi.

Tsono amene ali ndi kalata yotere patsogolo pake ayese njira imene tidayesa ndi mnzathuyo. Alembe kaye zonse m'mene zabwerera, osadziletsa. Akatero aiwerenge mokweza, poti khutu limagwira kubwereza kumene diso limadumpha, ndipo aziganiza kuti namfedwa wakhala pomwepo akumva. Pamene pali "pepani" wachitatu kapena "amwalira" wachiwiri, asathamangire kufuna liu lina lofanana nalo. Aime, afufute chiganizo chonsecho, ndipo pa malo pake alembe chinthu chimodzi chimene munthuyo adachita ali moyo.

Mnzathu uja adapita kumudzi mwezi utatha, monga adalonjezera. Atabwerako adatiuza kuti mlamu wake sadanene zambiri za kalatayo. Adangoti mwana wamkulu uja adafunsa za mbuzi ziwirizo, chifukwa nkhaniyo adali asadaimvepo, ndipo mai wake adamfotokozera usiku womwewo.